Kodi telala wa ku Kafue aike bwanji mtengo wa chovala?

Bwanji osangofunsa mtengo wa telala mnzanga n'kutengera womwewo?

Chifukwa zimene mnzanuyo amalipira pamwezi si zimene inu mumalipira. Wosokera pakhonde pakwawo ku Kafue Estates salipira lendi, pamene wa shopu pafupi ndi mafakitale amalipira ngakhale mwezi umene makasitomala sanabwere. Mtengo wa mnzanu ungokuthandizani kudziwa mmene msika ulili.

Ndi ndalama ziti zimene ndiwerenge ngati zowonongera shopu?

Ndi zonse zimene zimatuluka kaya mwasoka zovala zambiri kaya zochepa. Tiyerekeze telala amene pamwezi amalipira K800 ya lendi, K300 ya mayunitsi a ZESCO, K200 ya foni ndi makala a simbi, K200 ya makina, ndi K100 yosungira chiphaso cha bizinesi cha ku khonsolo ya Kafue. Awonjezerepo K400 ya basi, poti chitsekedwereni fakitale ya Kafue Textiles, nsalu ndi zipi zambiri zimakagulidwa ku Kamwala mu Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 40. Zonse pamodzi zikukwana K2,000, koma inu mulembe ziwerengero zanuzanu.

Makina ndinagula kale, ndiye alowa bwanji m'ndalama za mwezi uno?

Makina amatha pang'onopang'ono, ndipo amene akuwathetsa ndi makasitomala onse, choncho aliyense alipireko pang'ono. Ngati munagula pa K6,000 ndipo mukuona kuti agwira ntchito zaka 5, gawani ndalamazo ndi miyezi 60, mupeza K100 pamwezi. K100 inayo pa K200 ya makina ija ndi ya singano, mafuta ndi wokonza makina akawonongeka.

Kodi nane ndidzilipire, pamene shopu ndi yanga?

Inde, ndipo apa m'pamene atelala ambiri amadzipweteka. Amawerenga lendi ndi ulusi, zotsala n'kuzitcha phindu, osadziwa kuti akugwira ntchito yaulere. Lembani malipiro amene mukanamupatsa telala waluso lofanana ndi lanu. M'chitsanzo chathu tiike K3,000, kotero shopu iyenera kupeza K5,000 pamwezi.

Ndiye K5,000 imeneyi ndiigawe ndi chiwerengero cha zovala?

Ayi, igaweni ndi maola, chifukwa kusintha zipi ya buluku la salaula si ntchito yofanana ndi kusoka suti. Werengani maola okhawo amene mumadula, kusoka ndi kusita, osati onse amene shopu imakhala yotsegula, pakuti nthawi yambiri imathera pa kuyeza anthu, kukambirana sitayilo ndi kukagula zipangizo. Ngati mumasoka maola 5 pa tsiku kwa masiku 25, ndiye kuti ndi maola 125. K5,000 kugawa ndi 125 ikupereka K40, ndipo umenewu ndiwo mtengo wa ola lanu.

Tandionetsani pa chovala chenicheni.

Mayi wabweretsa chitenje chake kuti mumusokere diresi, ndipo ntchito yonse ikutenga maola 4, yomwe ndi K160. Zipi, ulusi ndi nsalu yam'kati zakudyerani K45, kufikitsa K205. Onjezani phindu la pafupifupi 10 peresenti, ndiye mumuuze K225. Nsalu ikakhala yogula inu, mtengo wake ulowe pamodzi ndi zipi ndi ulusi, kuphatikizapo tizidutswa totayika podula.

Phindu ndi la chiyaninso ngati ndadzilipira kale?

Malipiro ndi anu odyera kunyumba, phindu ndi la shopu. Ndilo limagula nsalu ina mukalakwitsa kudula, limatseka dzenje la diresi imene mwini wake sanabwere kudzatenga, komanso limakulitsa mpamba. Ngati mumalipira msonkho ku ZRA, uwerengeni paokha, usadye phinduli.

Nanga magetsi akamazimazima?

Maola osokera amachepa koma lendi siichepa, monga anaonera atelala a makina amagetsi mu 2024 chilala chitachepetsa madzi ku Kariba. Maola akatsika kufika 100, ola likwera kufika K50, ndipo diresi ija iyenera kukhala pafupifupi K270. Amene ali ndi makina opalasa ndi phazi amapulumutsako maola ena.

Januwale ntchito ya mayunifolomu imachuluka, miyezi ina kuli zii. Nditengere mwezi uti?

Musatengere mwezi wotanganidwa kwambiri, mungaike mtengo wotsika umene sungakusungeni m'miyezi yovuta. Lembani maola m'kabuku, muphatikize a miyezi yabwino ndi yoipa, n'kupeza apakatikati.

Kasitomala akadandaula kuti mtengo wakwera, ndichepetse mpaka pati?

Mukhoza kuchotsako pa phindu lokha: pa diresi ya K225, malire anu ndi K205. Akafuna kutsikirabe, chepetsani ntchito, monga kuchotsa nsalu yam'kati kapena kusankha sitayilo ya maola atatu. Oda yaikulu, monga maovololo a ogwira ntchito pafakitale, mukhoza kuitsitsa pokhapokha mutayeza n'kuona kuti kudula zambiri nthawi imodzi kwachepetsadi maola a chovala chilichonse, ndipo mulandire theka la ndalama musanagule nsalu.