Nkhope Yathu ndi Chiphaso cha Unzika

Mu 2017 bungwe la NRB linalemba Amalawi oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo, nkuwapatsa chiphaso chokhala ndi chithunzi. Masiku ano mabanki ena ndi obwereketsa ndalama amafuna kutizindikira pa foni, osationa maso ndi maso. Amatiuza kuti tijambule chiphaso, kenaka tidzijambule nkhope. Chithunzi chodzijambula tokhachi ndicho amati selefi.

Makina a kompyuta sadziwa munthu monga amdziwira mfumu ya m'mudzi. Amasandutsa nkhope ya pa chiphaso ndi ya pa selefi kukhala manambala, nkuona kuti zikufanana motani. Akatero amapereka malikisi. Malikisi akafika pa mlingo umene kampani inaika, munthu amaloledwa. Akatiuza kuti tiphethire kapena titembenuze mutu, amafuna kutsimikiza kuti pali munthu wamoyo, osati chithunzi cha pa pepala.

Tiyerekeze msodzi wa ku Malembo amene anajambulitsa alibe ndevu. Tsopano ndevu zamera, ndipo chiphaso chakalika chifukwa cha mchenga wa m'thumba. Akudzijambula masana kudooko, nyanja ikunyezimira kumbuyo kwake, choncho nkhope yada. Tinene kuti mlingo ndi 80, iye wapeza 68. Wakanidwa, chonsecho chiphaso ndi chake. Akakhala pa mthunzi, kuwala kukuchokera kutsogolo, napukuta diso la kamera, malikisi angathe kukwera.

Kulakwa kwina ndi koopsa koposa. Mng'ono wake wofanana naye angathe kupeza 83 ndi chiphaso chomwecho, nkutenga ngongole m'dzina la mkulu wake. Kampani ikakweza mlingo pofuna kutsekera akuba, eni ake ambiri amakanidwa. Ikatsitsa, akuba amalowa. Mu 2019 bungwe la boma la Amereka la NIST linapeza kuti makina ambiri amasokoneza nkhope za anthu a kum'mawa ndi kumadzulo kwa Afirika kawirikawiri kuposa za azungu.

Tidziwenso kuti makina amangoona kufanana kwa nkhope, sadziwa ngati mwini nkhopeyo wavomera. Munthu angabwere m'mudzi kunena kuti akulemba maina a thandizo, najambula chiphaso chathu, natiuza kuti tiyang'ane foni yake ndi kuphethira. Kwa makina, ndife amene tapempha ngongoleyo. Choncho tisalole kujambulidwa pamodzi ndi chiphaso tisanadziwe bungwe limene lamtuma ndi chimene tikuvomereza. Makina akatikana, sikuti ndife akuba: tipemphe kuti wogwira ntchito ationere yekha ku ofesi.

Mafunso Okambirana

1. Kodi nkhope yathu yasintha bwanji chijambulitsire chiphaso?
2. Mlendo akafuna kujambula agogo ndi chiphaso chawo, tidzamfunsa chiyani?