Kuthamanga kwa Magazi, Mchere ndi Mankhwala: Phunziro Lokamba pa Msonkhano wa M'mudzi

Phunziro ili lakonzedwera alangizi a zaumoyo, makomiti a chitukuko ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti a m'midzi yozungulira nyanja ya Chiuta. Wokamba abwere ndi supuni ya tiyi ndi paketi ya mchere ya kilogalamu imodzi, ndipo angathe kuwerenga mawu otsatirawa monga momwe alili.

Matenda osamveka m'thupi

Mafumu athu, amayi ndi abambo, lero tikambirana za kuthamanga kwa magazi, komwe ambiri timakutcha bipi. Mtima umapopa magazi kudzera m'mitsempha, ndipo magaziwo amakankha makoma a mitsemphayo. Mphamvu yokankhayo ikakhala yokwera masiku onse, mitsempha imalimba ndi kuchepa njira, mtima umakula ndi kutopa, ndipo impso ndi maso zimawonongeka pang'onopang'ono.

Akakuyezani kuchipatala amalemba manambala awiri. Yapamwamba ndi mphamvu ya magazi mtima ukamapopa, yapansi ndi mphamvu yake mtima ukamapuma. Manambala akafika 140/90 kapena kupitirira, ndipo akapezeka chomwecho pa masiku osiyana, munthu ali ndi matendawa. Kuyeza kamodzi sikokwanira, makamaka ngati mwangotsika kumene pa njinga. Yambani mwakhala pansi mphindi zisanu.

Anthu ambiri amati, “Ine mutu sundipweteka, ndiye ndilibe bipi.” Pamenepa mpomwe pagona vuto, chifukwa odwala ambiri samva kalikonse. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 mothandizana ndi bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi matendawa, ndipo oposa asanu ndi anayi mwa khumi alionse a iwo sankadziwa. Chodziwira chodalirika ndi makina oyezera okha.

Mchere wa pa tsiku

Mchere umasunga madzi m'thupi. Tikadya wambiri, impso zimalephera kuutulutsa wonse, madzi amachuluka m'magazi, ndipo mphamvu yokankha mitsempha imakwera. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku. Onani supuni iyi: mlingo umenewu ndi pafupifupi supuni ya tiyi imodzi yosasefukira. Ndi wa tsiku lonse, kuwerengera pamodzi wa m'phala, wa m'ndiwo za masana ndi za madzulo, ndi umene uli kale m'zakudya zogula.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Banja la anthu asanu ndi mmodzi, aliyense akadya magalamu 5, limatha magalamu 30 pa tsiku. Paketi iyi ya kilogalamu imodzi iyenera kuwafikitsa masiku 33, ndipo ngati ena mwa iwo ndi ana aang'ono iyenera kupitirira pamenepo. Ikatha m'masabata awiri, ndiye kuti aliyense akudya pafupifupi magalamu 12 pa tsiku, kuposa kawiri mlingo woyenera. Mwezi uno lembani tsiku limene mwatsegula paketi ndi tsiku limene yatha.

Palinso mchere wobisika. Uli m'nsomba zothira mchere poumitsa, mu buledi, m'tizibulu tokometsera ndiwo, m'tchipisi ndi kanyenya wa pamsika. Soda amene timathira m'therere nayenso amakweza bipi ngati mchere. Nsomba zouma za mchere muzizinyika m'madzi ndi kutaya madziwo musanaphike, ndipo mulawe msuzi musanawonjezere mchere wina. Kambale ka mchere kachoke pa mphasa yodyera. Muchepetse pang'onopang'ono, pakuti lilime limazolowera pakapita masabata angapo, ndipo tomato, anyezi, nsinjiro ndi mandimu zimakometsa ndiwo. Mchere wochepa umene mugwiritse ntchitowo ukhale wa ayodini.

Kuchepetsa mchere kumatsitsa manambala, koma kwa amene bipi yawo ili pamwamba kwambiri sikulowa m'malo mwa mankhwala.

Chifukwa chiyani mankhwala sasiyidwa?

Tinazolowera mankhwala a malungo, amene timamwa masiku atatu n'kuchira. A bipi sachiza, amangoigwira kuti isakwere, ndipo mphamvu ya piritsi limodzi imatha pakapita tsiku limodzi kapena kuposerapo pang'ono. Asodzi a pa Chiuta mukudziwa bwato lolowa madzi. Mukamakapa, pansi pamaoneka pouma, koma kuumako sikutanthauza kuti bowo latsekeka. Mukasiya kukapa, madzi amadzazanso.

Tiyerekeze mayi wa zaka 52 wogulitsa matemba. Pa ulendo woyamba amupeza ndi 168/102, ndipo atabweranso patapita sabata manambala sanasinthe kwenikweni. Amupatsa piritsi limene achipatala amalitcha HCT, lomwa m'mawa, lothandiza impso kutulutsa mchere ndi madzi. Patapita mwezi afika pa 150/94. Bipi yatsika, koma sinafike pofunika, choncho amuwonjezera amulodipini, amene amamasula mitsempha. Mwezi wachitatu afika pa 132/84.

Apa mpomwe ambiri amagwa. Mayiyu akuona manambala abwino, thupi silikupweteka, ulendo wa kuchipatala ukudya ndalama ya kabaza, ndiye asiya kumwa. Komatu 132/84 ija ndi ntchito ya mapiritsi. M'masabata ochepa bipi ibwerera pomwe inali, iye osamva kanthu, ndipo chizindikiro choyamba chingathe kukhala sitiroko: mtsempha wa mu ubongo kuphulika kapena kutsekeka, n'kumufoola mbali imodzi ya thupi.

Ena amasiya chifukwa cha zovuta zobwera ndi mankhwala. HCT amachititsa kukodza pafupipafupi, n'chifukwa chake amamwedwa m'mawa. Amulodipini angatupitse mapazi, ndipo enalapurilo amabweretsa chifuwa chouma kwa ena, komanso saloledwa kwa mayi woyembekezera. Zoterezi zikachitika, kafotokozeni kuchipatala kuti akusinthireni, musangosiya nokha. Mukaiwala tsiku limodzi, musamwe mapiritsi a masiku awiri pamodzi. Musabwereke a mnzanu, pakuti mlingo wake si wanu. Abale athu osala m'mwezi wa Ramadani, kambiranani ndi achipatala mwezi usanayambe za nthawi yabwino yomwera, m'malo moimika mankhwala mwezi wonse.

Nthawi yothamangira kuchipatala

Munthu akapotoka kamwa mwadzidzidzi, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi ukafooka, mawu akamatuluka osamveka, kapena akamva kupweteka kwambiri pachifuwa ndi kubanika, musadikire kuti kuche. Musamupatse chakumwa kapena chakudya ngati akulephera kumeza. Pitani naye kuchipatala chapafupi nthawi yomweyo, ndipo kumeneko angamutumize ku chipatala chachikulu cha boma la Machinga ku Liwonde. Mayi woyembekezera amene akumva mutu waukulu, akuona zinthu mwachimbuuzi kapena watupa nkhope apitenso tsiku lomwelo.

Tisanabalalike, tigwirizane tsiku limene akuluakulu a m'mudzi muno amene sanayezedwepo chaka chino apite kukayezetsa, kaya ku Nayuchi, ku Ngokwe, ku Chikweo kapena kwina kumene kuli pafupi. Amene muli kale pa mankhwala, muzitenga kabuku ka kuchipatala ulendo uliwonse, muonetsetse kuti manambala alembedwamo, ndipo muzipita kukatenga mapiritsi ena akale asanathe, makamaka mvula ikayandikira ndipo misewu isanayambe kuvuta.