Tayifodi, Nthenda Yofanana ndi Malungo

Nthenda ya tayifodi imalowa m'thupi ndi madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu. Tizilombo take timakhala chete sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo munthu akayamba kudwala amakhala ataiwala kale kumene anamwa madziwo.

Tiyerekeze mnyamata wa sukulu wa zaka 12. Poyamba angodandaula mutu ndi kulefuka, nakana nsima. Thupi litentha pang'ono, koma madzulo alionse liposa dzulo lake, mpaka pakutha sabata lifika madigiri 39 kapena 40. Makolo ake anena kuti ndi malungo, ndipo sitingawadzudzule, pakuti ngakhale dotolo amavutika kusiyanitsa nthenda ziwirizi sabata yoyamba. Timawanga tofiira ta pachifuwa timene mabuku amanena sitioneka bwino pakhungu lakuda. Kupima magazi kwa Widal nako kumanamiza kawirikawiri: kungaonetse nthenda mwa munthu amene anadwala kale nachira. Njira yabwino ndiyo kumeretsa tizilombo ta m'magazi, koma imafuna masiku angapo, sipezeka m'zipatala zazing'ono, ndipo imaphonya odwala ambiri, makamaka amene ayamba amwa makapisozi ogula pagolosale. Chovuta china nchakuti mwana angathe kukhala ndi malungo ndi tayifodi nthawi imodzi. Chifukwa chake mwana amene watha masiku atatu a mankhwala a malungo thupi lili chitenthere ayenera kubwerera kuchipatala, ndipo makolo auze dotolo tsiku limene nthendayo inayamba ndi mankhwala onse amene wamwa.

Sabata yachiwiri mnyamatayo agona osadzuka, mimba itupa, mwina atsegula m'mimba mwina adzimbidwa, ndipo usiku abwebweta. Apa ena amaganiza za ufiti, koma nkutentha kwa thupi ndi ululu wa tizilombo.

Sabata yachitatu ndiyo yoopsa. Tizilomboto timapanga zilonda m'kati mwa matumbo aang'ono, chakumapeto kwake. Chilonda chikadya mtsempha, chimbudzi chituluka chakuda bii kapena cha magazi, wodwala natuwa m'maso ndi m'manja. Chikaboola thumbo, zonyansa zitayikira m'mimba: mimba ipweteka mwadzidzidzi, iuma gwa ngati thabwa, mtima uthamanga. Nthawi zina thupi lizizira, abale nayesa kuti mwana wachira. Wotereyu asapatsidwe chakudya kapena mankhwala otsuka m'mimba, koma anyamulidwe tsiku lomwelo kunka kuchipatala kumene amachita opaleshoni.

Mankhwala a kuloramufeniko, amene anayamba kuchiza tayifodi mu 1948, analeka kugwira ntchito pa odwala ambiri ku Blantyre kuyambira cha mu 2011, ndiye nchifukwa chake dotolo yekha ndiye asankhe mankhwala, ndipo wodwala amalize onse. Katemera wa tayifodi anayamba kuperekedwa kwa ana m'Malawi monse mu 2023. Ena ochira amasungabe tizilombo m'ndulu, nawapatsira anzawo osadziwa. Wochira asafulumire kuphikira anthu, ndipo thupi likatenthanso patapita sabata ziwiri kapena zitatu abwerere kwa dotolo.