Phunziro: Kukopera Manotsi a Ulaliki Kuti Awerengeke Mokweza

Ena mwa ife timapatsidwa pepala lolembedwa pamanja kuti tilitayipe. Mwina ndi manotsi amene Bambo Mfumu asiyira akatekisiti oti akatsogolere mapemphero a Lamulungu kunthambi, mwina ndi mawu a apampando a mphakati oti akanenedwe pamaliro. Pepala lotere limakhala ndi mizere kunsi kwa mawu, mivi, ndi timawu tofinyikiza pakati pa mizere. Zizindikirozi si zokongoletsa ayi. Ndi malangizo a mwini pepala, ndipo wozimva molakwa angathe kumunenetsa zimene sananene.

Ntchitoyi ichitike kawiri. Poyamba koperani zonse monga zilili, osakonza kanthu, ndipo ikani nambala ndi pensulo pambali pa mzere uliwonse wa pepalalo kuti musadumphe. Mawu amene simukuwawerenga bwino musawaganizire. Siyani mpata, mukafunse. Kachiwiri ndiye musandutse manotsiwo kukhala ziganizo zonenedwa pakamwa.

Chitsanzo

Tiyerekeze kuti ulaliki ndi wa fanizo la mwana wolowerera, pa Luka 15:11-32. Mzere woyamba walembedwa kuti "Wamng'ono, njala", kenaka kamuvi kakafupi, kenaka "abwerera kwawo". Mzere wachiwiri ukuti "Bambo athamanga", ndipo kunsi kwa "athamanga" kwadulidwa mzere. Pakati pa mizere iwiriyi afinyikizapo kuti "osati chikondi". M'mbali mwalembedwa "wamkulu akana kulowa", ndipo muvi wautali ukutsika mpaka kumapeto kwa tsamba.

Mivi

Mivi iwiriyi ntchito zake nzosiyana. Wautaliwo ukulamula kuti nkhani ya mwana wamkulu isamukire kumapeto, choncho itsatireni ndi chala mpaka pamene nsonga yathera, muiike pomwepo. Kakafupiko sikasuntha kanthu. Kakuimira mawu amene mlaliki sanalembe, monga "chifukwa cha", "ndiye" kapena "motero". Wowerenga sangatchule muvi pakamwa, choncho inu mulembe mawuwo.

Mawu ofinyikiza

Apa ndiye pagona ngozi. Kodi "osati chikondi" ndi a mzere wapamwamba kapena wapansi? Mukawaika pansi, ulaliki udzati bambo anathamanga koma osati chifukwa cha chikondi, ndipo fanizo lonse latembenuzika. Yang'anani ngati pali kachizindikiro kosongoka ngati denga la nyumba, kapena kanyenyezi kokhala ndi kanzake pena, kosonyeza polowera mawuwo. Ngati palibe, yesani malo onse awiri mokweza, mutatsegula Baibulo pa ndime yomweyo. Pa fanizoli njala ndi imene ikubweza mwana, choncho mawuwo ndi apamwamba. Malo onse awiri akamveka bwino, musasankhe nokha. Imbani foni kwa mwini pepala.

Mizere ya kunsi

Mzere kunsi kwa liwu limodzi umatanthauza kuti litsindikidwe polankhula, ndipo mulilembe ndi zilembo zakuda kwambiri. Koma mzere kunsi kwa mawu oima okha pamwamba pa ndime, monga "Mfundo yachiwiri", kawirikawiri ndi mutu chabe wokumbutsa mlaliki. Wotere muuike pambali ndi zilembo zing'onozing'ono kuti usawerengedwe. Onetsetsaninso kuti mzerewo uli kunsi osati pakati pa zilembo, chifukwa wodutsa pakati ndi wofufuta.

Tsopano manotsi aja amveka chonchi: "Mwana wamng'ono anamva njala. Njalayo ndiyo inamubweza kwawo, osati chikondi. Koma bambo ake anathamanga kukamulandira." Onani kuti taonjeza mawu olumikiza okha monga "koma" ndi "ndiyo". Sitinaikemo chiphunzitso chathu, ngakhale chikanakhala chabwino.

Kukonza tsamba la wowerenga

Zidule zonse zilembedwe mokwanira: "Lk 15" akhale "Luka mutu 15". Gwiritsani zilembo za saizi 14 kapena 16, mizere italikirane, ndipo chiganizo chilichonse chikhale chotheka kuchinena ndi mpweya umodzi. Chiganizo chisaduke pakati kupita tsamba lina. Sindikizani mbali imodzi ya pepala ndipo ikani manambala a masamba, popeza mapepala amagwa.

Pomaliza werengani mokweza mutayang'ana wotchi. Pamene lilime lapunthwa, kawirikawiri pali mawu olowa malo olakwika kapena muvi wodumphidwa. Manotsi a tsamba limodzi amatalika akasanduka ziganizo, ndipo Papa Fransisko ananena mu 2024 kuti ulaliki usapitirire mphindi 8. Ukatalika, wodula ndi mwini wake, osati inu. Mubwezereni zotayipazo pamodzi ndi pepala loyamba lija, mutasonyeza paliponse pamene mwaonjeza mawu, kuti avomereze Lamulungu lisanafike.