Phunziro: Cakumwa ca malambe

Mlambe ndi mtengo waukulu kwambiri. Umamera kumalo otentha, monga m'cigwa ca Luangwa ndi m'cigwa ca Zambezi. Zipatso zake ndi malambe, koma ku Lusaka ambiri amati mabuyu. Malambe amauma ali mumtengo mvula ikatha. Kunja ali ndi cigoba colimba ca tiubweya toyabwa. Mkati muli njere zokutidwa ndi ufa woyera wowawasa. Ufa umenewu ndi umene timapangira cakumwa.

Mu ufa wa malambe muli vitamini C wambiri, woposa wa mu lalanje. Vitamini C sitingamuone ndi maso, koma nchito yake timaiona. Amathandiza cilonda kupola. Amalimbitsa nkhama kuti zisamacoke magazi. Amathandizanso thupi kutenga ayironi wa mu nyemba ndi mu ndiwo zamasamba. Ayironi ndi amene amafunika popanga magazi. Thupi silisunga vitamini C kwa nthawi yaitali. N'cifukwa cake mwana afunika kudya zipatso ndi masamba tsiku ndi tsiku.

Koma vitamini C ali ndi mdani wake. Mdaniyo ndi moto.

Tsiku lina Ambuya a ku Nyimba anatuma mdzukulu wao kukatenga malambe m'dengu. Mdzukuluyo anali mtsikana wa Giredi 3. Ambuya anatenga lambe limodzi n'kuligwedeza pafupi ndi khutu. Linalira kuti khoco khoco.

“Ili ndi louma bwino,” anatero Ambuya.

Lina linali ndi kabowo. Ataliswa, anapeza mkati mwada ndipo muli tizilombo. Limenelo analitaya. Abwinowo anawapukuta kuti ubweya ucoke. Kenaka onse awiri anasamba m'manja ndi sopo, n'kuswa malambe ndi mwala. Zamkati zinadzaza kapu imodzi yaikulu.

Pa mbaula panali poto wa madzi. Madzi anali kuwira kuti bwata bwata. Mtsikana uja ananyamula kapu ya malambe n'kuthamangira ku mbaula.

“Iwe, ima!” anafuula Ambuya. “Ufuna kucita ciani?”

“Ndifuna kuthira mu poto, Ambuya. Aphunzitsi anati kuwiritsa kumapha tizilombo toyambitsa matenda.”

“Aphunzitsi ako ananena zoona. Koma tizilomboto tili kuti? Tili m'madzi amene tatunga ku citsime. Madziwo ndiye tiwiritse. Malambe ai. Ukawaphika, vitamini C wambiri aonongeka. Cakumwa cidzakhala cowawasa ndithu, ndipo iwe sudzadziwa kuti cina cacokamo.”

Mtsikanayo anakhala pa mphasa n'kuyamba kudikira. Kudikira kumeneku n'kobvuta kwa mwana wa ludzu! Ambuya anaphula poto, n'kumubvundikira, n'kumuika pa mthunzi. Patapita nthawi anagwira kunja kwa poto ndi dzanja. Sanapse. Madzi anali atazirala.

Anathira makapu 3 a madzi m'mbale yoyera, n'kuikamo kapu ija ya malambe. Anabvundikira mbale kuti nchenche zisagweremo. Patapita ola limodzi, ufa unali utafewa. Mtsikana anatakasa ndi mthiko mpaka njere zinaoneka zakuda, zopanda ufa. Kenaka anasefa ndi sefa. Pa sefa panatsala njere ndi timitsitsi tofiira. Njerezo Ambuya anaziika kutali, cifukwa mwana wamng'ono akhoza kutsamwa nazo.

Cakumwa cinali cokhuthala pang'ono, ngati phala lamadzimadzi.

“Ambuya, n'cifukwa ciani sicili mbee ngati madzi?”

“Umo muli faiba, mdzukulu wanga.”

Faiba ndi mbali ya cakudya imene mimba sigaya. Ali mu gaga, mu nyemba, m'masamba ndi m'zipatso. Mu ufa wa malambe alimo wambiri. Mwina mungafunse kuti, nanga cinthu cosagayika cili ndi nchito yanji? Faiba amamwa madzi akafika m'matumbo. Akatero, cimbudzi cimakhala cofewa ndipo cimatuluka mosabvuta. Mwana amene sadya faiba wokwanira amadzimbidwa. Amakhala masiku osapita ku cimbudzi, ndipo akapita amamva kuwawa. Faiba amagwira bwino nchito ngati mwana akumwanso madzi okwanira. Cakumwa ca malambe cikakhala kanthawi, zina zimakhazikika pansi pa kapu. Musazitaye. Takasani, n'kumwa zonse.

Mtsikana analawa n'kukwinya nkhope. “Mayo, cawawasa! Ndithiremo shuga, Ambuya?”

Ambuya anamulola supuni imodzi yaing'ono mu kapu yake. Iye anafuna zitatu, koma Ambuya anakana. Shuga wambiri amaononga mano. Zowawasa nazonso zimafooketsa mano zikakhalitsa m'kamwa. Conco mukamwa cakumwa ca malambe, cukucani m'kamwa ndi madzi.

Panali cinanso cimene Ambuya anakana. Mtsikana anafuna kumwa makapu awiri nsima isanapse. Ambuya anadziwa zimene zimacitika. Cakumwa cokhuthala cimadzaza kamimba ka mwana. Nsima ikabwera, mwana amati, “Ndakhuta.” Komatu malambe okha sangakulitse mwana. Thupi lifunika nsima yopatsa mphamvu. Lifunikanso zakudya zomanga thupi, monga nyemba, nshawa, mazira ndi kapenta.

“Umwe pamodzi ndi nsima,” anatero Ambuya. “Lero ndiwo ndi nyemba ndi cibwabwa. Vitamini C akakumana ndi nyembazo m'mimba, thupi lako litenga ayironi wambiri.”

Kapu imodzi inamukwanira.

Amai ake a mtsikanayo anabwera kucokera ku dimba, khanda lili kumbuyo. Khandalo linali ndi miyezi 4. Mtsikana anatunga cakumwa ndi supuni kuti alilawitse.

“Ai, mwanangu,” anatero amai. “Mng'ono wako sanafike miyezi 6. Iye afunika mkaka wa m'mawere wokha, ngakhale madzi samwa. Akakwanitsa miyezi 6 ayamba phala. Pamenepo tidzayamba kumuikira kaufa ka malambe pang'ono, phala litaphulidwa ndi kuzirala.”

Cakumwa cotsala anacibvundikira, ndipo anacimwa tsiku lomwelo. Cikagona pamalo otentha cimasasa. Mukaona thobvu pamwamba, kapena mukamva fungo lacilendo, musamwe.

Mau atsopano

kuphula, kutakasa, kusefa, nkhama, kudzimbidwa, faiba

Yankhani mafunso awa

1. Ambuya anadziwa bwanji kuti lambe ndi louma bwino?
2. N'ciani cimene anawiritsa, madzi kapena malambe? Cifukwa ciani?
3. Chulani nchito ziwiri za vitamini C.
4. Kodi faiba amacita ciani m'matumbo?
5. N'cifukwa ciani amai anakana kuti khanda lilawe cakumwa?
6. Kapu imodzi ya malambe ifuna makapu 3 a madzi. Nanga makapu 2 a malambe afuna makapu angati a madzi?

Zocita

Lembani ziganizo izi m'buku lanu motsatira mmene Ambuya anacitira.

Anasefa ndi sefa.
Anawiritsa madzi.
Anatakasa ndi mthiko.
Anadikira kuti madzi azirale.
Anaika malambe m'madzi.

Mukafika kunyumba, funsani makolo anu dzina la malambe m'cilankhulo cao. Mawa mudzauze anzanu m'kalasi.