Kusakaniza magasi awiri: n'chifukwa chiyani entiropi imakwera pena, pena ayi?

Pali samu ina imene ndinalakwa ndili wotsimikiza kuti ndakhoza. Ndikufuna tiiwerengere limodzi, chifukwa pamene ndinapunthwapo m'pamene pagona nkhani yonse.

Tiyerekeze kuti tili ndi bokosi logawidwa pakati ndi chotchingira. Kumanzere kuli molo imodzi ya heliyamu, kumanja molo imodzi ya aligoni. Mbali zonse kutentha ndi 300 K ndipo pulesha ndi yofanana ndi ya mpweya wa panja, choncho chipinda chilichonse ndi cha malita pafupifupi 25. Tikuwatenga magasiwa ngati aja osavuta a m'mabuku, amene maatomu ake sakokana ndipo ndi aang'ono zedi poyerekeza ndi malo amene akuyendamo.

Tsopano tichotse chotchingira chija. Kutentha sikusintha, pulesha siisintha, ndipo palibe mphamvu imene yalowa kapena kutuluka m'bokosi. Komabe china chasintha. Heliyamu, amene anali m'malita 25, tsopano akuyenda m'malita 50. Aligoni chimodzimodzi. Entiropi imayeza kuchuluka kwa njira zimene maatomu angakhalire pamene ife kunja tikuona chinthu chomwecho, ndiye malo akakula, njira nazo zimachuluka. Gasi akafutukuka kutentha kusakusintha, timawerengera motere:

ΔS = nR ln(V₂/V₁)

Apa n ndi 1, R ndi 8.314 J/(mol·K), ndipo V₂/V₁ ndi 2. Mukadina ln 2 pa kakyuleta mupeza 0.693. Ndiye gasi aliyense wawonjezera 5.76 J/K, ndipo awiriwo pamodzi ndi 11.5 J/K. Imeneyi ndiye entiropi ya kusakaniza.

Funso lachiwiri linali lakuti: nanga mbali zonse kukanakhala heliyamu? Ine ndinati palibe kusiyana. Atomu iliyonse ikuthabe kufika kumene siinkafika, ndiye ndinalembanso 11.5 J/K. Yankho lolondola ndi ziro.

Njira yodziwira ndi yosavuta: bwezerani chotchingira chija. Ngati munali heliyamu yekhayekha, mupezanso molo imodzi kumanzere, molo imodzi kumanja, kutentha ndi pulesha zomwe zija. Mwabwerera poyambira osatuluka thukuta. Entiropi ikanakhala kuti inakweradi, ndiye kuti mwaitsitsa pongolowetsa chotchingira, ndipo lamulo lachiwiri la sayansi ya kutentha limakana zimenezo m'bokosi lotsekedwa. Koma ngati munali heliyamu ndi aligoni, chotchingira chingokupatsani zipinda ziwiri za gasi wosakanikirana. Kuti muwalekanitsenso muyenera kugwira ntchito yosachepera T × ΔS, kutanthauza 300 × 11.5, pafupifupi majulo 3,450.

Zili ngati kukhuthulira nyemba m'dengu la chimanga: musankha mpaka dzuwa kulowa. Koma mukathira chimanga m'chimanga chinzake, mungogawa pakati, basi. Chitsanzochi chili ndi polekezera pake. Njere ya chimanga mutha kuipaka utoto n'kumaitsatira. Atomu ya heliyamu simungaiike chizindikiro. Maatomu awiri a mtundu umodzi ndi ofanana kotheratu, moti akasinthana malo palibe choyezera chilichonse chimene chingaonetse kuti chinachake chachitika.

Apa m'pamene ndinalakwira. Ndinkawerenga ngati kuti atomu iliyonse ili ndi dzina. Kwa ine, "Atomu A kumanzere, B kumanja" ndi "B kumanzere, A kumanja" zinali njira ziwiri, pamene ndi njira imodzi yomweyo. Pa maatomu atatu ofanana okhala m'malo atatu osiyana, wowerenga ngati ine apeza njira 6, yomwe ndi 3 × 2 × 1, koma yeniyeni ndi imodzi. N'chifukwa chake pa maatomu N ofanana timagawa chiwerengero cha njira ndi N!, kutanthauza N kuchulukitsa ndi manambala onse otsika mpaka 1. Mukatero, 11.5 J/K yabodza ija imafafanizika. Pa heliyamu ndi aligoni siifafanizika, chifukwa atomu ya heliyamu ikasinthana malo ndi ya aligoni, kusinthako kumayezeka.

Mwambi umenewu umadziwika ndi dzina la Josiah Willard Gibbs, wasayansi wa ku America amene anaufotokoza m'zaka za m'ma 1870. Chodabwitsa chake n'chakuti yankho silitengera kuti magasi asiyana mochuluka bwanji. Onani fomula ija: mulibe kulemera kwa atomu. Heliyamu-3 ndi heliyamu-4 amangosiyana nyutironi imodzi, koma mukawasakaniza m'bokosi lathu lija mupeza 11.5 J/K yonse, osati kachidutswa. Akangofanana kotheratu, yankho ligwera pa ziro.

Choncho mukakumana ndi funso lotere pa mayeso, musanagwire kakyuleta dzifunseni: ndikabwezera chotchingira, kodi ndibwerera pamene ndinayambira? Yesani ili: kumanzere kuli mamolo awiri a naitirojeni, kumanja awiri a okosijeni, zipinda n'zofanana. Kenako sinthani okosijeni uja akhale naitirojeni. Mayankho anu akhale 23.1 J/K ndi ziro.