Kuyesa Zodzoladzola Zatsopano Pakhungu: Mafunso ndi Mayankho

Ndagula mafuta atsopano odzola kumaso. Ndiwayese pati, ndipo ndiwayese bwanji?

Musayambire kumaso. Sankhani malo a m'kati mwa mkono, pamene chigongono chimapindikira kapena chakumunsi pang'ono. Khungu la pamenepo ndi lopyapyala, silikhudzidwa kawirikawiri ndi madzi posamba m'manja, ndipo likatupa kapena kuda mukhoza kulibisa ndi malaya. Onetsetsani kuti pamalopo palibe bala, chiphuphu kapena zidzolo zakale.

Pakani mafutawo pa kadera kofanana kukula ndi chitsekerero cha botolo la zakumwa, ndipo muwapake monga momwe mukanadzolera kumaso, osachulutsa, osachepetsa. Musamatepo pulasitala kapena kumangapo nsalu, chifukwa kutsekera kumachititsa kuti mankhwala alowe kwambiri, ndiye khungu likhoza kupsa ngakhale ndi mafuta omwe alibe vuto. Chitani zimenezi kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, pamalo omwewo, kwa masiku 7 mpaka 10. Awa ndi malangizo omwe bungwe la madokotala a khungu la ku America limapereka. Pa masiku onsewa musapake china chilichonse chatsopano pamalopo, ndipo yesani chinthu chimodzi pa nthawi. Mukayesa ziwiri pamodzi, khungu likakana simudziwa cholakwa ndi chiti.

Ngati chomwe mwagula ndi chotsuka, monga sopo wakumaso kapena shampu, musachisiye pakhungu tsiku lonse. Pakani, dikirani mphindi zisanu kapena nthawi yomwe yalembedwa pa botolo, kenaka tsukani. Sopo aliyense atasiyidwa pakhungu kwa maola ambiri amaotcha, ndipo zimenezo sizikuuzani kanthu za ubwino kapena kuipa kwake.

Masiku 10 si ambiri kodi? Anzanga amati ukapaka usiku, m'mawa n'kupeza palibe kanthu, basi zatheka.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amapusitsikira, ndipo ndikufuna mumvetse bwino. Khungu limakana chinthu m'njira ziwiri zosiyana kwambiri.

Njira yoyamba ndi kupsa. Mankhwala amphamvu amawononga chikopa chapamwamba mwachindunji, ndipo izi zikhoza kuchitikira munthu aliyense ngati mankhwalawo achuluka kapena akhalitsa. Kupsa kumaoneka msanga, m'mphindi kapena m'maola ochepa, ngakhale kwina kumadza pang'onopang'ono mukabwereza kupaka.

Njira yachiwiri ndi pamene chitetezo cha m'thupi chadana ndi chinthu china chomwe chili m'mafutawo, zomwe kuchipatala amati alaje. Chitetezocho sichiyankha pomwepo. Maselo ake amayenera azindikire chinthucho, asonkhane pamalopo, kenaka kutupa kuyambe, ndipo izi zimatenga tsiku limodzi mpaka masiku atatu, nthawi zina kupitirira. Komanso mafuta odzola amakhala ndi chinthu choyambitsa vutolo pang'ono chabe, kotero kupaka kamodzi sikukwanira kuti thupi lionetse kudana nacho. N'chifukwa chake timabwereza kupaka pamalo amodzi kwa masiku angapo. Usiku umodzi umangokuuzani kuti mafutawo saotcha msanga. Za alaje sunakuuzeni chilichonse.

Ndingasiyanitse bwanji kupsa ndi alaje?

Yang'anani zinthu zitatu: nthawi yomwe zayambira, momwe mukumvera, ndi pomwe zafika. Kupsa kumanyerenyetsa ndi kuotcha kuposa kuyabwa. Khungu limauma, limathina, limasupuka timamba, ndipo vutolo limathera m'malire a pomwe munapaka. Mukatsuka ndi kusiya kupaka, limayamba kuzirala m'tsiku limodzi kapena awiri. Alaje imayabwa kwambiri, kuyabwa kosagonetsa tulo. Pamatuluka titotupa ting'onoting'ono tothithikana, nthawi zina timatuza ta madzi, ndipo zidzolozo zimadumpha malire a pomwe munapaka. Chizindikiro china chodalirika ndi chakuti ikhoza kukulirakulira kwa tsiku limodzi kapena awiri ngakhale mwasiya kale kupaka, ndipo imatenga sabata ziwiri kapena kupitirira kuti itheretu.

Tiyerekeze mayi wina wagula kirimu wakumaso wonunkhira bwino, nayamba kuyesa Lolemba m'mawa. Lolemba ndi Lachiwiri palibe kanthu. Lachitatu usiku akuzindikira kuti akungokanda pamkono osadziwa. Lachinayi m'mawa akusisita ndi chala ndipo akumva khungu lakhakhala, titotupa tafalikira mpaka kunja kwa kadera kaja. Akutsuka, akusiya kupaka, koma Lachisanu zidzolo zawonjezeka. Kuchedwa kuyamba, kuyabwa, kudumpha malire ndi kupitirira atasiya, zonsezi zikuloza ku alaje. Mayiyu asayesenso kirimuyo, ngakhale pang'ono chabe kapena mosakaniza ndi mafuta ena, chifukwa thupi likadana ndi chinthu kamodzi silimaiwala, ndipo ulendo wotsatira zikhoza kuipirapo. Akadatsata nzeru ya usiku umodzi, zidzolozi zikadatuluka nkhope yonse.

Zikadakhala kuti Lolemba lomwelo anamva kunyerenyetsa kwa mphindi zochepa, ndipo pofika Lachitatu pamalopo pangouma popanda totupa, nkhani ikadakhala ina. Mafuta okhala ndi retinolo kapena asidi wosupula khungu amachita zotere kawirikawiri. Otere mukhoza kudikira khungu lichire, n'kuyambiranso pang'ono, kawiri kapena katatu pa sabata. Koma kuotcha kukakhala kowawa kapena khungu likachita zilonda, asiyeni.

Pa botolo alemba kuti ndisiye khungu likafiira. Langa ndi lakuda, ndiona bwanji?

Malangizo ambiri analembedwa poganizira khungu loyera, pomwe kufiira kumaonekera patali. Pa khungu lathu kutupa kumaoneka ngati malo odera kuposa pozungulira, otuwa, kapena ofiirira mobisika, ndipo m'nyumba madzulo simungaone. Yang'anani panja kapena pawindo masana, ndipo muyerekeze ndi malo omwewo pamkono winawo. Koposa zonse khulupirirani chala chanu: kukhakhala, kutupa ndi kufunda kwa pamalopo zimamveka zisanaoneke. Kujambula ndi foni tsiku lililonse pa kuwala kofanana kumathandizanso.

Pali chifukwa china chomwe ife tiyenera kusamalira kwambiri. Khungu lakuda likatupa, limasiya banga lakuda lomwe limatenga miyezi kuti lizimiririke, makamaka ngati munakanda. Banga lotere kuli bwino likhale pamkono kusiyana ndi pa tsaya.

Khungu lakana. Ndichite chiyani tsopano?

Tsukani ndi madzi ozizira ambiri, ikanipo nsalu yoyera yonyowa kuti kuyabwa kuchepe, kenaka pakani vaselini wopanda fungo. Musapake ndimu, mankhwala otsukira mano kapena sipiriti, zimangoonjezera kupsa. Ngati kuyabwa kwakula, ku famase angakupatseni kirimu wa haidirokotizoni wa 1% wopaka kwa masiku ochepa. Botolo musataye. Sungani kapena jambulani mndandanda wa zosakaniza, chifukwa chomwe mwadana nacho si dzina la kampani koma chinthu chimodzi m'katimo, ndipo chinthu chomwecho chimapezekanso m'mafuta ena. Zomwe zimavuta kawirikawiri ndi zonunkhiritsa ndi mankhwala oteteza kuti mafuta asawonongeke, monga otchedwa MI. Mawu akuti "zachilengedwe" asakutonthozeni: mafuta onunkhira ochokera ku zomera nawonso amayambitsa alaje.

Pitani kuchipatala ngati zidzolo zikufalikira, zikuchucha madzi kapena mafinya, kapena sizikusintha pakatha sabata. Koma ngati m'mphindi zochepa mutapaka mwatuluka ziwengo zotupa thupi lonse, milomo, lilime kapena zikope zatupa, mukubanika kapena mukuchita chizungulire, musadikire kanthu. Thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa izi zikhoza kupha.

Nanga dayi wa tsitsi ndi mankhwala owongola tsitsi a ku saluni?

Izi siziyesedwa kwa masiku 10. Dayi, makamaka wakuda, nthawi zambiri amakhala ndi PPD, mankhwala omwe amayambitsa alaje yoopsa, yotupitsa mutu ndi nkhope mpaka maso kutsekeka. Tsatani pepala la m'bokosi: kawirikawiri amati mupake pang'ono kuseri kwa khutu kapena m'kati mwa chigongono, ndipo mudikire maola 48 musanadaye. Chitani izi ulendo uliwonse, ngakhale dayiyo mwakhala mukumugwiritsa ntchito zaka zambiri, pakuti alaje imabadwa thupi litakumana ndi chinthucho mobwerezabwereza. Amene anadanapo kale ndi dayi, kapena anatupa atajambulidwa ndi hina wakuda pakhungu, asadziyese yekha kunyumba. Akaonane ndi dokotala.

Mankhwala owongola tsitsi ndi ena ndithu. Ambiri ali ndi soda woyaka kapena achibale ake, ndipo amaotcha khungu la munthu aliyense akakhalitsa. Musawasiye pamkono ngati kirimu. Amayesedwa pa kamtolo ka tsitsi, motsatira mphindi zolembedwa pa bokosi.

Masiku 10 atha bwinobwino. Ndiye kuti mafutawa ndi abwino?

Ndiye kuti mwayi wa alaje wachepa, ndipo mukhoza kupita patsogolo mosamala. Khungu la kumaso, makamaka la m'zikope, ndi lanthete kuposa la pamkono, choncho yambani ndi kadera kakang'ono m'mphepete mwa chibwano kwa masiku awiri kapena atatu musanadzole nkhope yonse. Ziphuphu zobwera chifukwa mafuta atseka timabowo ta khungu sizioneka pamkono, zimadza kumaso pakapita masabata.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mafuta oyeretsa khungu, omwe amagulitsidwa m'misika, ena m'timabotolo topanda dzina. Ambiri ali ndi mankhwala amphamvu a sitiroidi monga kilobetasolo, ndipo ntchito ya sitiroidi ndi kuziziritsa kutupa. Mukawayesa pamkono, khungu limakhala losalala, osayabwa konse, inu n'kuganiza kuti mwapeza abwino. Vuto lake limadza pakapita miyezi: khungu limapyapyala, mitsempha imaonekera, pamabwera mizere yong'ambika ndi ziphuphu. Haidirokwinoni akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amatha kudetsa khungu ndi mabanga ovuta kuchotsa, ndipo mekyule amawononga impso ndi minyewa popanda chizindikiro chilichonse pamkono. Kuyesa pakhungu sikungagwire zimenezi, kotero mafuta opanda mndandanda wa zosakaniza musagule n'komwe.

Kuyesa kwa kuchipatala kumasiyana bwanji ndi kwa kunyumba?

Kwa kunyumba kumakuuzani kuti botolo ili silikuyanjani. Kwa dokotala wa khungu kumatchula chinthu chenicheni. Amamata kumsana timapulasitala tokhala ndi mankhwala osiyanasiyana oyezedwa bwino, amatichotsa pakatha maola 48, n'kudzaonanso msanawo tsiku limodzi kapena awiri pambuyo pake. Pa masiku amenewa msana usanyowe. Ngati mwadana ndi zodzoladzola zingapo zosiyana, kapena muli ndi zidzolo za kumaso ndi m'manja zomwe zimangobwerera, pemphani kuti akutumizeni kwa dokotala wa khungu ku chipatala chachikulu, ndipo munyamule mabotolo onse omwe mumagwiritsa ntchito, kuphatikizapo sopo, pefyumu ndi zopaka m'zikhadabo.